Khoti silinalipo pamsewu paja

Mlamu wanga anagundidwa ndi lole pamsewu wa M1, kufupi ndi Chinkhoma, m'mwezi wa Meyi, nyengo imene malole onyamula mabelo a fodya amakhala ali piringupiringu. Anali pa njinga yakapalasa, atamanga matumba awiri a mtedza pakaliyala, akulowera ku Kasungu boma. Anathyoka fupa la mwendo wakumanja, pansi pa bondo. Pamene ine ndimafika, anthu anali atamunyamula kale kupita naye kuchipatala, ndipo pamalopo panangotsala loleyo, njinga yopindika, mtedza uli mbwee, ndi khamu la anthu. Aliyense m'khamumo ankadziwa wolakwa. Patapita miyezi isanu ndi umodzi, mwa anthu onse aja amene anatsala nafe anali mmodzi.

Ndikulemba izi chifukwa cha zimene ndinaona m'miyezi imeneyo. Mlandu wofuna chipukutamisozi si mlandu umene apolisi amazenga dalaivala. Wa apolisi ndi wa boma, ndipo chindapusa chimene dalaivala walipira chimapita kuboma. Wa chipukutamisozi mumayambitsa ndi inuyo, ndipo udindo wobweretsa umboni uli pamutu panu. Woweruza sanaone ngoziyo. Amamva mbali ziwiri, n'kuona mbali imene nkhani yake ikuoneka yoona kuposa inzake. Safuna kuti muchotse chikayiko chonse monga zimakhalira pa mlandu waupandu, koma sikelo iyenera kupendekera kwa inu, ndipo chimene chimapendeketsa sikeloyo ndi zinthu zimene mwabweretsa m'manja.

Pali mafunso atatu amene umboni wanu uyenera kuyankha. Anakugundani ndani, ndipo galimotoyo ndi ya yani? Analakwitsa chiyani? Inu mwataya chiyani? Chimene anthu ambiri sitizindikira n'chakuti mayankho a mafunso amenewa saonongeka pa liwiro limodzi. Za pamsewu zimafufutika ola lisanathe. Mboni zimabalalika pa masiku ochepa. Malisiti amatayika limodzilimodzi kwa miyezi. Choncho mumayamba kutola chimene chikuthawa msanga.

Ndinene kaye ichi poyera: wovulala ayambe wathandizidwa. Munthu asagone patala akukha magazi chifukwa abale akufuna chithunzi chabwino. Koma ngozi za kwathu kuno zimasonkhanitsa anthu ambiri, ndipo si onse amene angakwane m'galimoto yopita kuchipatala. Mmodzi mwa otsalawo, amene ali ndi foni yojambula komanso mtima wodekha, ndiye agwire ntchito ya umboni. Wovulalayo sangaigwire.

Chithunzi choyamba chikhale cha nambala ya galimoto, kutsogolo ndi kumbuyo. Ngati ndi lole yokoka ngolo, ngoloyo imakhala ndi nambala yakeyake, ijambuleninso. Chachiwiri chikhale cha timapepala tomata pagalasi lakutsogolo, makamaka ka inshuwalansi. Sendezani foni pafupi mpaka dzina la kampani, nambala ya chiphasocho ndi masiku ake ziwerengeke. Kapepala kameneka n'kofunika kwambiri chifukwa lamulo la zapamsewu limakakamiza magalimoto oyenda pamsewu kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, ndipo limalola munthu wovulala kusumira kampani ya inshuwalansiyo mwachindunji, pamodzi ndi dalaivala ndi mwini galimoto. Nthawi zambiri dalaivala alibe ndalama zolipira mwendo wa munthu. Ndalamazo zimachokera kukampani, ngakhale kuti kampani imalipira pofika malire amene analembedwa pa mgwirizano wake, ndipo chotsala chimagwera mwini galimoto. N'chifukwa chake mufunikanso kudziwa mwiniwakeyo. Dzina lolembedwa pachitseko cha lole lijambuleni. Dalaivala mumufunse mwaulemu dzina lake, nambala yake ndi amene amamugwirira ntchito, popeza bwana amayankha pa zolakwa zimene wantchito wake wachita ali pa ntchito. Akakana musalimbane naye, ndipo khamu lisamugwire. Kumenya dalaivala kapena kuswa magalasi kumangoononga umboni wanu womwe n'kukubweretserani mlandu wina.

Tsopano pa zithunzi za malo. Apa ndikhalitsapo, chifukwa apa ndi pamene mlandu wa mlamu wanga unaimira.

Dalaivala anauza apolisi kuti wanjingayo anakhotera mwadzidzidzi pakati pa msewu, ndipo iye analibe kochitira. Mlamu wanga ankati anali m'mphepete, kunja kwa mzere wachikasu, ndipo anangomva kugunda kumbuyo. Mawu a munthu mmodzi kutsutsana ndi a mnzake. Zikatero woweruza amafuna chinthu chachitatu chimene sichikondera, ndipo chinthucho chinali mufoni ya mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa Fomu 3, amene anafika pamalopo ine ndisanafike.

Mnyamatayo anachita chinthu chimodzi chanzeru: anabwerera m'mbuyo. Ambiri timathamangira kujambula magazi ndi chitsulo chopindika, foni ili pafupi kwambiri, ndipo chithunzicho chimaonetsa kuti zinthu zinaipa koma sichionetsa kuti zinachitikira pati. Iye anayenda mapazi ngati makumi atatu kubwerera kumene lole inachokera, n'kujambula msewu wonse: mizere yake, m'mphepete, pamene lole inaima, pamene njinga inagwera, ndi chikwangwani cha sitolo chimene chikusonyeza malowo. Kenako anapita kutsogolo kwa lole n'kujambula chobwerera. Atatero ndi pamene anayandikira.

Pa zithunzi zapafupizo panaoneka zinthu zitatu. Choyamba chinali mkwasa woyera patala, pamene chitsulo cha pedulo chinakanda njinga ikugwa. Mkwasawo unayambira kunja kwa mzere wachikasu. Chachiwiri chinali njinga yomwe: gudumu lakumbuyo linali litapindikira mkati ndipo kaliyala inakankhidwira kutsogolo, koma gudumu lakutsogolo linali bwinobwino. Chachitatu chinali lole: nyali yakumanzere inali yosweka, ndipo pakona ya bampala yakumanzere panali utoto wakuda wa njinga. Ikani zitatuzi pamodzi. Njinga imene yakhotera pakati pa msewu imagundidwa cham'mbali, ndipo chizindikiro chake chimakhala mkati mwa msewu. Njinga yophwanyika kumbuyo, yogundidwa ndi kona yakumanzere, imene mkwasa wake wayambira kunja kwa mzere, ikunena kuti lole ndi imene inatuluka m'njira yake n'kupeza munthu ali m'mbali.

Pali chenjezo pano. Magalasi osweka, katundu ndi nsapato sizigwera pamene kugundako kwachitikira. Zimaulukira kutsogolo, kumene galimoto ikulowera. Mtedza wa mlamu wanga unamwazikira mpaka pakati pa msewu, ndipo munthu wongoona mtedzawo akanati dalaivala akunena zoona. Zizindikiro zodalirika kwambiri ndi zimene zakandika patala penipeni, mizere yakuda ya matayala pamene dalaivala anaponda mabuleki, ndi dothi louma limene limagwa pansi pa galimoto ikagunda chinthu. Pojambula mzere wa mabuleki, onetsani pamene wayambira ndi pamene wathera, ndipo muuyeze ngakhale ndi mapazi, n'kulemba. Pafupi ndi mkwasa waung'ono ikani chinthu chodziwika kukula kwake, monga bokosi la machesi, koma musasunthe kanthu kalikonse kuti chithunzi chikome. Mukasuntha chimodzi, loya wa mbali inayo adzakayikitsa zonse.

Zinthu zimenezi sizichedwa kutha. Pa M1 magalimoto sasiya kudutsa, ndipo apolisi akafika amayenera kutsegula msewu. Ife titabwerera m'mawa mwake, mtedza unali utatoledwa, magalasi atasesedwa ndi matayala, ndipo lole inali itapita. Mkwasa wokha ndi umene unkaonekabe pang'ono. Ikanakhala nyengo ya mvula, dothi lonse likanakokoloka tsiku lomwelo. Komabe ngati mwalephera kujambula nthawi yomweyo, pitani mawa lake pa ola lofanana ndi la ngozi. Mudzaonetsa kupingasa kwa msewu, maenje, zikwangwani za liwiro, kumene dzuwa limakhala, ndi kutalika kwa mtunda umene dalaivala akanatha kuona munthu patsogolo pake.

Zithunzi zikajambulidwa, vuto limakhala kusunga. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, kapena mwini wake amafufuta kuti apeze malo a nyimbo. Musazidule, musazikongoletse, musalembepo mivi. Chithunzi choyambirira chimasunga mkati mwake tsiku ndi nthawi imene chinajambulidwa. Mukachitumiza pa WhatsApp mwachizolowezi chimachepetsedwa ndipo zambiri za mkatizo zimachoka, choncho potumiza sankhani Document. Tumizani kwa anthu awiri, ndipo zofunika kwambiri mukazitsukitse papepala. Kumbukiraninso amene anajambula, chifukwa iyeyo ndi amene angadzafunike kuima n'kunena kuti ndinajambula ndine, pamalo akuti, nthawi yakuti.

Mboni ndiye nkhani ina. Pamalo pa ngozi aliyense amalankhula ngati anaona, koma mukafunsa modekha mumapeza kuti ambiri anamva phokoso n'kutembenuka. Amenewo anaona zotsatira. Funso loyenera ndi lakuti, "Munali pati, ndipo munkayang'ana kuti lole isanagunde?" Mwa anthu oposa khumi amene ndinawafunsa, awiri okha ndi amene anaona kugunda kwenikweniko: mnyamata wa kabaza amene ankadikira makasitomala, ndi mayi wina wogulitsa mbatata m'mbali mwa msewu.

Mnyamata wa kabaza ndinangotenga nambala yake ya foni, ndipo apo ndinalakwitsa. Patatha miyezi iwiri nambalayo inasiya kupezeka, ndipo anzake anati anapita kukagwira ntchito kuesiteti ina, osadziwa kuti ndi iti. Kuno ku Kasungu anthu ambiri amabwera ndi nyengo ya fodya n'kuchoka nayo. Kwa mayi aja ndinachita mosiyana. Ndinati, "Mayi, pepani, mwina tidzakufunani kutsogoloku. Kwanu n'kuti?" Anandiuza dzina lawo lonse, mudzi wawo, mfumu yawo, mpingo umene amapemphera, ndi nambala ya mwana wawo wamkulu kuwonjezera pa yawo. Nambala imasintha, koma munthu amene mukudziwa mudzi wake ndi nyakwawa yake mumamupeza.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinawapempha kuti afotokoze zimene anaona ndikujambula mawu pafoni, ndipo anavomera. Anati lole inkapewa minibasi imene inkadutsa galimoto ina kuchokera kutsogolo, ndipo inakhotera kumanzere osaliza hutala. Mawu ojambulidwawo sakulowa m'malo mwa mboni. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu yotereyi kubwalo lalikulu, amene anayamba kugwira ntchito mu 2017, amafuna kuti umboni wa mboni ulembedwe ndi kusainidwa mlandu usanamvedwe, ndipo mboniyo imadzafunsidwa mafunso ndi loya wa mbali inayo. Phindu la mawu a tsiku loyamba n'lakuti amasunga nkhani isanasakanikirane ndi zokamba za pamsika. Pakatha chaka munthu amakumbukira zimene wakhala akumva anthu akunena, osati zimene anaona.

Mboni musaiphunzitse zonena. Mayi aja anati sanaone ngati mlamu wanga anacheuka kapena ayi, ndipo m'bale wina ankafuna kuti anene kuti sanacheuke n'komwe. Ndinakana. Mboni imene ikuti "icho sindinachione" imakhulupirika pa zimene ikuti inaona. Yoloweza pamtima imagwa pa funso lachitatu. Musailonjezenso gawo la ndalama. Kuibwezera ya thiransipoti ndi chakudya pa tsiku lopita kukhoti n'koyenera, koma kugula umboni kumaipitsa mlandu wonse. Ndipo dziwani kuti munthu wapadera, amene si m'bale wanu ndipo sapindula kanthu, mawu ake amalemera kuposa a achimwene anu, ngakhale achimwenewo akunena zoona.

Za apolisi ndinena mwachidule, ngakhale anthu ambiri amaganiza kuti lipoti la apolisi ndiye mlandu wonse. Ngozi ikanenedwe kupolisi msanga. Dalaivala ali ndi udindo wake pa lamulo woima ndi kukanena, koma inu musadalire iye. Lembani dzina la wapolisi wapamsewu amene wabwera, siteshoni yake, ndipo onetsetsani kuti wajambula mapu a malowo ndi kulemba mayina a mboni zanu. Wovulala akamapereka sitetimenti akhale ali bwino m'mutu, osati atangobayidwa jakisoni wopha ululu, ndipo awerenge kapena amuwerengere asanasaine. Potenga lipoti, lipirani polandira lisiti la boma, chifukwa ndalama imeneyo mudzaiitanitsanso. Musanachoke pakauntala, liwerengeni. Nambala ya galimoto ili bwino? Tsiku? Dzina la wovulala likufanana ndi la pachitupa cha unzika? Kampani ya inshuwalansi yatchulidwa? Chilembo chimodzi cholakwika pa nambala chikhoza kuimitsa zinthu kwa miyezi, pamene kukonzetsa tsiku lomwelo n'kosavuta.

Lipotilo ndi lofunika, makampani a inshuwalansi amalifuna, koma lili ndi malire. Wapolisi nayenso sanaone ngoziyo, anafika itachitika. Ngati mbali inayo ikutsutsa, ndipo wapolisi amene analemba sanabwere kudzaikira umboni, khoti likhoza kukana kutenga zolembedwamo ngati zoona zenizeni. Ndiye lipoti likakukomerani musagone, ndipo likakuipirani musataye mtima. Zithunzi ndi mboni zimatha kunena zimene lipoti silinanene.

Tibwere kuchipatala. Apa umboni wake uyenera kulumikiza zinthu ziwiri: ngozi ya tsiku lakuti ndi kuvulala kumene mukudandaula. Cholumikizacho ndi kabuku ka kuchipatala, ndipo tsamba lofunika kwambiri ndi la tsiku loyamba. Pitani tsiku lomwelo, ngakhale mukuona ngati mwangosupuka. Munthu amene wayamba wakhala kunyumba sabata ziwiri akuthowa ndi madzi otentha, kapena wayamba wapita kwa asing'anga, amasiya mpata umene mbali inayo idzalowerapo n'kunena kuti mwina anagwa kwina. Kupatula za mlandu, kuvulala kwa m'mutu ndi kwa m'mimba nthawi zina kumabisala maola oyamba.

Uzani adokotala kuti mwagundidwa ndi galimoto, ndipo tchulani paliponse pamene pakupweteka. Mlamu wanga maganizo ake onse anali pa mwendo, ndipo sanatchule phewa. Phewalo linadzayamba kumuvuta kwambiri atayamba kuyendera ndodo, koma m'kabuku linalembedwa koyamba patatha milungu isanu. Pokambirana za chipukutamisozi, a inshuwalansi anakana za phewa, ndipo tinalibe poimira. Mwendo sanautsutse, chifukwa panali zonse: zolemba za tsiku loyamba, zithunzi za ekisire, tsiku loikidwa chikhakha ndi tsiku lochichotsa. Ngati mwatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kalata yokutumizaniyo ndi mapepala otulutsidwira m'chipatala muzisunge pamodzi ndi kabukuko. Kabuku kakadzaza musakataye. Ndipo jambulani bala pa tsiku loyamba, pakatha sabata, pakatha mwezi, mpaka chipsera, nkhope ya munthuyo ikuoneka pa chithunzi chimodzi kuti pasakhale funso loti mwendowu ndi wa yani.

Pambuyo pake pamafunika lipoti la dokotala, limene limafotokoza kuvulala, chithandizo, ndi kulemala kotsalira, kumene kawirikawiri amakulemba m'maperesenti. Musalithamangire. Lipoti lolembedwa munthu akadali m'chikhakha silinganene ngati mwendo wafupika, ngati bondo likupindika bwino, kapena ngati adzathanso kupalasa njinga ya katundu. Pa zinthu zimenezi ndi pamene khoti limayezera chipukutamisozi cha ululu, cha kulephera kuchita zimene munthu ankachita kale, ndi cha kuonongeka kwa maonekedwe a thupi. Ndalama za mtundu umenewu sizifuna lisiti. Woweruza amaziyeza poyerekeza ndi milandu ina ya kuvulala kofanana.

Koma pali mtundu wachiwiri wa ndalama, zimene zinatuluka m'thumba mwanu, ndipo pa izi lamulo ndi louma. Iliyonse iyenera kutchulidwa m'chisamani ndi kutsimikiziridwa. Apa ndi pamene mabanja ambiri amaluza, osati chifukwa chonama, koma chifukwa moyo wathu wa tsiku ndi tsiku suyendera malisiti. Wa minibasi sapereka lisiti. Wa kabaza sapereka. Mayi wogulitsa nsima kunja kwa chipatala sapereka.

Titakhala pansi kuwerengera, banja linkati lawononga ndalama zoposa K400,000. Titayala mapepala pamphasa, zimene zinali ndi umboni zinali izi. Mankhwala ogula kufamase anali K64,500, malisiti ake alipo. Ndodo zoyendera zinali K25,000, lisiti lilipo. Galimoto imene tinachita hayala pomutulutsa m'chipatala inali K40,000, ndipo ngakhale mwini wake sanalembe kanthu, tinamulipira pa Airtel Money, uthenga wake unali mufoni, wosonyeza tsiku, ndalama ndi wolandira. Wokonza njinga analemba papepala la shopu yake kuti kukonza kudzadya K85,000, n'kusaina. Zonse pamodzi K214,500, osawerengera malisiti a malipoti awiri aja, la apolisi ndi la dokotala. Zotsalazo, maulendo a mlongo wanga opita kukadikirira wodwala m'milungu itatu yoyamba, chakudya, ndi matumba awiri a mtedza aja, zinali zoona koma zinali pakamwa pokha. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Kuyambira sabata yachinayi tinagula kope la sukulu. Tsiku lililonse mlongo wanga ankalemba deti, kumene wapita, chifukwa chake, ndalama, ndi amene walipidwa. Pamene zinali zotheka wolandirayo ankasaina pambali. Kope lotere silingafanane mphamvu ndi lisiti la sitolo, koma likalembedwa tsiku ndi tsiku, ndipo madeti ake akugwirizana ndi madeti a m'kabuku ka kuchipatala, limakhala ndi polemera. Lolembedwa usiku umodzi ndi cholembera chimodzi mlandu utayandikira limadziwika. Pamene mungathe kulipira pafoni, kaya pa Mpamba kaya pa Airtel Money, lipirani pafoni ndipo uthengawo musaufufute. Malisiti a pamakina, a pepala loterera lija, amafufutika okha pakapita miyezi, makamaka akakhala potentha, choncho ajambuleni tsiku lomwelo ndi kuwachititsa fotokope.

Njinga yophwanyikayo musaikonze msanga ndipo musaigulitse kwa ogula zitsulo. Ife tinaisunga m'nyumba mmene inalili mpaka nkhani itatha. Chimodzimodzi zovala zong'ambika, chipewa cha panjinga yamoto chosweka, ndi foni yophwanyika.

Ndalama zimene munthu walephera kupeza chifukwa chogona ndi zimene zimavuta kwambiri kwa mlimi ndi wageni. Wapantchito amaonetsa pepala la malipiro ndi kalata ya abwana. Mlamu wanga analibe zimenezo, koma anali ndi mapepala a malonda a fodya a zaka ziwiri zam'mbuyo, kabuku ka banki mkhonde kosonyeza zimene ankaponya sabata iliyonse, ndi kope limene ankalembamo mtedza wogula ndi wogulitsa. Analembanso aganyu awiri kuti amalize kukolola, ndipo amenewo anasaina m'kope muja polandira malipiro. Popanda chilichonse chotere, makhoti nthawi zina amangowerengera pa malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa, ndipo kwa munthu amene geni yake inkayenda bwino kumeneko n'kuluza.

Pa tsiku lachitatu mwini lole anabwera kuchipatala ndi shuga, sopo ndi envelopu. Anali munthu waulemu ndithu, ndipo kubwera kudzazonda ndi umunthu. Koma anabweranso ndi pepala loti mlamu wanga asaine. Ndinati, "Bwana, thandizoli talandira ndipo tathokoza, koma pepalali tiyambe taliwerenga ndi wodziwa malamulo." Linali lonena kuti ndalamayo ndi yomaliza ndipo nkhani yatha. Pa tsiku lachitatu palibe amene akudziwa ngati fupa lidzalumikizana bwino. Thandizo mukhoza kulandira, koma lembani m'kope kuti mwalandira zingati, kwa yani, pamaso pa yani, ndi kuti ndi zothandizira kuchipatala. Musadzazibise, chifukwa zidzawerengedwa pa chipukutamisozi. Mauthenga onse amene dalaivala kapena mwini galimoto akutumizirani, asungeni.

Samalaninso ndi anthu amene amazungulira m'mawodi n'kumalonjeza kuti akuyendetserani za inshuwalansi mukangowapatsa mapepala. Mapepala enieni asachoke m'manja mwanu popanda chifukwa. Perekani mafotokope, ndipo amene watenga chenicheni, ngakhale ndi loya, alembe kuti walandira chakutichakuti. Loya mukakumane naye kuofesi yake, mumve kuchokera pakamwa pake mmene adzalipidwire. Amene alibe ndalama za loya akhoza kukapempha thandizo ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu osowa pa milandu.

Loya wanu muuzeni ndi zoipa zomwe. Ngati njinga inalibe nyali usiku, ngati munakwera atatu panjinga yamoto, ngati simunavale chipewa, nenani. Kulakwa kwanu pang'ono sikupha mlandu. Khoti likhoza kugawa kulakwako n'kuchepetsa chipukutamisozi molingana ndi gawo lanu. Chimene chimapweteka n'chakuti loya wanu adzazimvere koyamba kwa mbali inayo.

Kumudzi timati mlandu suwola, ndipo pabwalo la amfumu mwina zili choncho. Kukhoti mlandu wa kuvulala umawola. Lamulo limapereka zaka zitatu kuchokera pa tsiku la ngozi kuti munthu wovulala chifukwa cha kusasamala kwa wina akasume, ndipo mwayi wosumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji ndi waufupi kuposa pamenepo, zaka ziwiri. Kulemberana makalata ndi kampani sikutanthauza kuti mwasuma. Anthu ena amadikira kuti achire kaye, ena amadikira lonjezo la mwini galimoto, ndipo miyezi imatha ali chidikirire. Onanani ndi loya m'miyezi yoyambirira, lipoti la dokotala lidzatsatira.

Nkhani ya mlamu wanga sinafike pozengedwa. Loya atatumiza zithunzi zija, umboni wolembedwa wa mayi a mbatata, malipoti awiri ndi mafotokope a malisiti, a inshuwalansi anasiya kunena zoti wanjinga anakhotera pakati pa msewu, ndipo zokambirana zinatsala pa kuchuluka kwa ndalama. Za mwendo analipira, za K214,500 analipira, za m'kope analipirako zina. Za phewa, za milungu itatu yoyamba ija ndi za mtedza sanalipire. Mlamu wanga anayambanso kupalasa, koma amanyamula thumba limodzi, ndipo pokwera chitunda amatsika n'kumakankha.